Akaunti ya a Nanyoni

Loweruka limenelo Constance Makwinja anadzuka ndi mtima woyera. Anali atagwira mashifiti atatu aataliatali motsatizana ku wodi ya okalamba, miyendo ikumveka ngati ya munthu wina, ndipo tsopano masiku awiri onse anali ake. Amuna ake, a Wilfred, anali atakwera basi kupita m'tauni ya Middlesbrough, ku England, kukameta, ulendo womwe sunkatha pasanadutse maola atatu chifukwa wometayo anali Mzambiya wokonda nkhani za ndale. Constance analowa m'kachipinda kapamwamba, n'kuyatsa kompyuta, n'kulemba pasiwedi yake.

Kompyuta inakana. Analembanso pang'onopang'ono ndi chala chimodzi ngati mwana wa sitandade wani. Inakananso. Atadina poti waiwala pasiwedi, inamuuza kuti yatumiza uthenga ku imelo yoyamba ndi chilembo cha z. Iye imelo yoyamba ndi z sanakhalepo nayo chibadwire.

Tsono apa tiulule chinsinsi, poti popanda icho nkhaniyi siyenda. Mayi ameneyu, namwino wa zaka 46, mlembi wa amayi a Mvano pa mpingo wa Amalawi a m'dera lawolo la Teesside, munthu woti akadzudzula mtsikana za siketi yaifupi nkhani inkathera pomwepo, ankasewera gemu ya pa intaneti. Osati timagemu ta pafoni tomwe anthu amatayira nthawi m'basi ayi. Gemu yeniyeni, yolipira mwezi ndi mwezi, ya dziko lalikulu lokhala ndi mizinda, misika ndi anthu zikwizikwi. Anzake m'menemo ankapha zilombo ndi malupanga. Iye ankalima.

Anaiyamba mu Okutobala wa 2011. Mwezi umenewo mayi ake anamwalira kwawo ku Bilila m'boma la Ntcheu, mapasipoti a banja lonse ali ku ofesi yoona za alendo, kudikira chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale. Akanaiitanitsa pasipotiyo kuti apite kumaliro, pempho lonse likanafa. Choncho maliro a mayi ake anawamvera pafoni, mchemwali wake atakweza foniyo m'mwamba kuti nyimbo zimveke. Masabata otsatira ankangokhala duu, ndipo mnzake wina wa kuntchito ndiye anamuuza kuti ayese gemuyo, mwina mutu ungapeze chochita.

Fomu yotsegulira akaunti inafunsa dzina. Constance anaganiza za amayi a Mvano, n'kuona kuti dzina lake lenileni lisayerekeze kulowa m'zinthu zoterezi. Analemba chiwongo cha mayi ake, Nanyoni. Pa dzina la bambo analembapo Bilila. Pa tsiku lobadwa analemba 1 Januwale 1949, monga momwe makalaliki a kwathu amalembera aliyense wongodziwa kuti anabadwa chaka cha njala. Kenako gemu inati apange munthu wake, ndipo iye anapanga mayi wamfupi, wa imvi, wamapewa otakata. Sanachite dala. Anangozindikira atamaliza.

M'zaka zisanu ndi theka a Nanyoni a m'kompyutawo anagula malo m'mbali mwa mtsinje n'kumanga. Nyumba ya zipinda zitatu, khonde loyang'ana kum'mawa, nkhokwe kudzanja lamanja, khola la mbuzi kuseri. Mango m'gemumo munalibe, ndiye mitengo ya maapozi ndiyo inaima m'malo mwake, mosadandaula. Nyumba yeniyeni ya ku Bilila, mlongo wake atasasula malata n'kugulitsa, inagwa ndi mvula ya 2015. Yomwe inatsala chiimire inali iyi basi. A Wilfred ankadziwa zoti mkazi wawo amakhalitsa pakompyuta chifukwa cha maphunziro oonjezera a anamwino, ndipo ankamuyamikira pagulu chifukwa cha khama.

Constance anatsegula imelo yake, ndipo anaona pomwe anaponda molakwika. Lachiwiri m'mawa, akumwa tiyi mothamanga, kunabwera kalata yokhala ndi chizindikiro cha kampani ya gemuyo, yoti akaunti yake ikukayikiridwa ndipo itsekedwa pakatha maola 24 ngati satsimikiza kuti ndi yake. Abale, munthu amene wakhala zaka khumi akuyankha makalata a boma la eni ake sagona nayo kalata yotere! Anadina pomwe anauzidwa, n'kulemba imelo ndi pasiwedi pa tsamba looneka ndendende ngati lenileni, n'kuthamangira basi akudzitama kuti ndi munthu wadongosolo. Pansi pa kalatayo panali ina, iyi yochokeradi ku kampani, yomudziwitsa kuti imelo ya pa akaunti yasinthidwa, ndipo ngati si iye adine apa pasanathe masiku atatu. Masiku atatuwo anathera ku wodi. Chitetezo chotumiza nambala pafoni anali atachikana kalekale, poopa kuti foni idzalira ili m'manja mwa a Wilfred.

Anaimbira Joan. Joan anali mzungu wa ku Bradford, wopuma ntchito yophika pasukulu, yemwe malo ake m'gemumo anachita malire ndi a Constance. Sanaonanepo maso ndi maso, koma kwa zaka zinayi ankathirirana mbewu wina akatanganidwa. Joan anati wakhala akudikira foniyo. Lachitatu anaona a Nanyoni, omwe iye ankawatchula kuti Nani Yoni, akuthamangathamanga pakati pa nyumba ndi msika, akugulitsa mipando, mbuzi, zida zolimira, chilichonse, pamtengo wotaya. Ndalama zonse anakapatsira munthu wina wachilendo yemwe anaima pakona osalankhula. Joan anawapatsa moni kawiri, iwo osayankha, ndipo anadziwiratu kuti si Constance, poti Constance sadutsa munthu asanafunse za mawondo ake, za mphaka wake ndi za nyengo ya ku Bradford.

Joan anafotokoza kuti akuba oterewa safuna nyumba. Amakokolola katundu ndi ndalama za m'gemu, n'kukazigulitsa kwina pa ndalama zenizeni, akauntiyo n'kuitaya. Kenako anamukumbutsa lamulo lomwe Constance sanaliganizirepo chifukwa sanajombepo: malo m'gemumo ndi ochepa, ndipo mwini wake akatha masiku 33 osalowa pachipata, nyumba imaphwasulidwa, malo n'kugulitsidwa kwa wina. Wakubayo analowa komaliza Lachitatu. Masiku atatu anali atapita kale.

A Wilfred atabwera, mutu uli mbee, anapeza mkazi wawo akukwecha sitovu yoyera kale. Anafunsa ngati kuntchito kuli bwino. Iye anati kuli bwino.

Madzulo omwewo Constance analemba dandaulo pa tsamba la chithandizo la kampaniyo. Foni yoti munthu aimbe n'kulira bwinobwino panalibe, koma fomu yokha, ndi nambala ya dandaulo yomwe anailemba kuseri kwa buku la nyimbo. Yankho linabwera Lachiwiri kuchokera kwa wina wosaina kuti Issa. Anapepesa mwaulemu, n'kunena kuti akauntiyo aitseka kuti wakubayo asalowenso, koma iyenso salowa mpaka atatsimikiza kuti ndi mwini wake. Anapempha chithunzi cha chiphaso cha boma.

Zimenezo zokha? Constance anaseka yekha. Pasipoti yofiira ya dziko la eni akeyo, yomwe anaivutikira mpaka kuphonya maliro, anaijambula bwinobwino pathebulo la kukhitchini n'kuitumiza. Patapita masiku anayi Issa anayankha kuti zikomo, koma pasipotiyo ndi ya Constance Makwinja wobadwa mu 1970, pamene akauntiyo ndi ya Nanyoni Bilila wobadwa mu 1949.

Apa Constance anakhala pansi n'kulemba nkhani ya masamba awiri yofotokoza chiwongo. Anati kwathu munthu amakhala ndi dzina la kusukulu, la ubatizo ndi la mtundu, ndipo mkazi wolemekezeka saitanidwa ndi dzina lake ngati kamwana koma ndi chiwongo cha bambo ake, patsogolo pake n'kuikapo Na. Anati chiwongo sichilembedwa pa chiphaso chilichonse, chimangodziwika. Anapereka zitsanzo zisanu ndi chimodzi. Ikanakhala mayeso akanakhoza bwino zedi. Koma chinthu chimodzi sanachilembe: kuti Nanyoniyo ndi ndani, ndipo ali kuti.

Yankho la ulendo uno silinachoke kwa Issa koma kwa wina yemwe, poona mayankhidwe ake, masamba awiri aja sanawatsegule n'komwe. Anati malamulo sawalola kukambirana za akaunti ndi munthu yemwe si mwini wake, ndipo anapempha kuti mayi Bilila alembe okha. Constance anawerenga ali m'basi yobwerera kuntchito. Anaseka kaye, mpaka mayi wina wa pambali n'kumuyang'ana. Kenako chisekocho chinatha, ndipo anapitirira siteji yake mpaka kukatsikira ku Linthorpe Road, n'kubwerera wapansi.

Joan ankaimba tsiku lililonse ngati wolengeza za nyengo. Pachipata panali pataikidwa chikwangwani chowerenga masiku. Atsala khumi ndi asanu ndi limodzi. Atsala khumi ndi asanu. Anatinso pali mnyamata wina wovala zankhondo yemwe wayamba kuzungulirazungulira mpandawo, akuyeza ndi maso.

Constance analembanso, mwachidule tsopano, ndipo mwamwayi dandaulolo linagweranso kwa Issa. Iyeyu anaoneka kuti ndi munthu wobadwa kwa mayi. Anati ngati dzina silikugwirizana pali njira ina: atumize umboni wa zogula, womwe wakuba sangakhale nawo. Malisiti omwe kampani inkatumiza pa imelo. Kapena makadi olipiriratu ogula m'sitolo, awajambule nambala yokalayo ikuoneka. Kapena, zomwe zimalemera kuposa zonse, malipiro oyambirira enieni: tsiku, ndalama zake, manambala anayi omaliza a khadi la kubanki, ndi chiphaso cha mwini khadiyo.

Malisiti a pa imelo Constance ankawafufuta tsiku lomwelo, n'kukafufutanso m'bini ya imeloyo, poti kompyuta inali ya banja lonse. Makadi olipiriratu ankagula ndi ndalama zapamanja kusitolo ya pafupi ndi chipatala, akakala n'kulowetsa nambala, m'mawa mwake ankawang'amba n'kutaya m'bini ya pasiteji. Zaka zisanu akusesa mapazi ake mwaluso chotero, ndipo lero ndi amenewo ankafunika. Wakubayo sanavutike n'komwe kubisa umboni, mwini wake anali atamugwirira kale ntchitoyo.

Kunatsala malipiro oyambirira. Amenewo ankadziwa bwino lomwe komwe ali, ndipo n'chifukwa chake mtima unamugwa.

Mwezi woyamba uja, asanadziwe za makadi a m'sitolo, analipira mapaundi 8.99 ndi khadi la kubanki la a Wilfred, lomwe linali pathebulo. A Wilfred ndi owerengera ndalama pa kampani ina yogulitsa zitsulo, ndipo sitetimenti ya kubanki amaiwerenga mzere ndi mzere, pensulo ili m'manja. Anaipeza 8.99 ija. Anafunsa mkazi wawo, iye n'kukana kuti sakudziwapo kanthu. Anafunsa mwana wawo Tiya, yemwe nthawiyo anali ndi zaka khumi ndi zitatu, mpaka mwanayo analira. Kenako anavala jekete, kupita kubanki, kusaina fomu yoti aberedwa, kuphetsa khadilo, ndipo banki inawabwezera ndalama zawo. Kampani ya gemu itaona kuti malipiro abwezedwa inatseka akauntiyo, mpaka Constance anakagula khadi la m'sitolo n'kulipira mwakachetechete.

Kuchokera pamenepo nkhaniyo inasanduka ulaliki wa a Wilfred. Pa chinkhoswe, pa phwando la 6 Julaye, paliponse pomwe Amalawi asonkhana, ankafotokoza momwe anagwirira mbava za pa intaneti zomwe zinayamba ndi 8.99 poyesa ngati munthu ali maso. Chaka chilichonse mbavazo zinkachuluka, ndipo pofika 2016 zinali gulu lalikulu la kunja. Constance ankakhala pambali pawo akugwedeza mutu, nthawi zina n'kuonjezera kuti dziko laipa. Ndipo mapepala onse a nkhaniyo anali m'sutikesi yobiriwira pamwamba pa wadilobu, momwe a Wilfred ankasungamo pepala lililonse kuyambira tsiku lomwe anatera ngati wophunzira mu 2003. Chilolezo anapeza kale, koma munthu amene anafunsidwapo umboni wa komwe ankagona zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo satayanso ngakhale lisiti la gasi. Kiyi wa sutikesiyo ankayenda naye limodzi ndi makiyi a nyumba.

Masiku asanu athunthu Constance anayenda nayo nkhaniyo pamtima. Anayesa kudziuza kuti ndi zidole chabe, mayi wamkulu ngati iye azilirira nyumba ya m'kompyuta? Anayesa kugwedeza loko wa sutikesi ndi chipini cha tsitsi, chipinicho n'kuthyokera momwemo theka, n'kuchichotsa ndi thukuta. Chiphaso cha mwini khadi chinkafunikabe, ndiye ngakhale loko akanatseguka sizikanamuthandiza. Loweruka Joan anati atsala masiku asanu ndi anayi, ndipo mnyamata wa zankhondo uja wabwera ndi mnzake.

Lamulungu atabwera kutchalitchi, a Wilfred atavula nsapato n'kukhala pampando wawo, Constance sanapite kukasintha. Anakhala pamphasa ya pansi, pafupi ndi mapazi awo, zomwe anali asanachite chichokereni ku Malawi. A Wilfred anatsitsa nyuzipepala mwamantha.

"Kwagwa zotani? Ndani watisiya?"

"Palibe watisiya, bambo a Tiya. Ndi za mbava zija. Za 8.99."

"Zabweranso?"

"Sizinachoke. Ndine."

Anafotokoza zonse, kuyambira pa fomu mpaka pa chikwangwani. A Wilfred anamvetsera kukamwa kuli yasa. Atatha, funso lawo loyamba silinali la ndalama, ngakhale anaona ndi maso kuti mutu wawo wayamba kale kuchulukitsa 8.99 ndi miyezi. Anafunsa kuti ndiye kuti maphunziro oonjezera aja kulibe? Constance anati alipo, koma amatha maola awiri pachaka. Anafunsa ngati Tiya akudziwa kuti analirira mlandu wa mayi ake. Anati sakudziwa. Kenako a Wilfred anaimirira, n'kuyenda mpaka pawindo, n'kubwerera.

"Zaka zisanu, mayi a Tiya. Ine ndikuima pamaso pa anthu, abusa ali pomwepo, inu mukugwedeza mutu. Mumandiseka mumtima?"

"Sindinkaseka. Ndinkachita manyazi."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Ndikanati chiyani? Kuti ndikaweruka ndimapita kukakhala ndi amayi m'kompyuta? Mukanandiitanira abusa."

A Wilfred anavala nsapato zomwe anali atangovula n'kutuluka, ndipo anakazungulira paki ya Albert kawiri ndi suti ya kutchalitchi. Anakwiya ndithu, ndipo Constance anadziwa kuti akuyenera kukwiya. Lolemba lonse ankalankhula naye ngati kalaliki, zikomo ndi pepani basi. Koma Lachiwiri, Constance pobwera kuntchito, anapeza sutikesi yobiriwira ili yasa pathebulo lodyera, a Wilfred atavala magalasi, patsogolo pawo pali faifi yolembedwa kuti Kuberedwa, Okutobala 2011.

Munali zonse. Sitetimenti yokhala ndi mzere wa pensulo pansi pa 8.99, tsiku lake 19 Okutobala. Kalata ya banki yotchula manambala anayi omaliza a khadi lomwe linaphedwa. Nambala ya mlandu. Ngakhale tikiti ya basi yopitira kubankiko inalimo.

A Wilfred anati kalata yopita ku kampani alemba ndi iwo, chifukwa nkhani ya masamba awiri ya chiwongo ija aiwerenga ndipo ilibe mutu. Anakhala pakompyuta yomwe ija n'kulemba ngati akulembera woweruza, ndime iliyonse ndi nambala yake. Ndime yoyamba, tsiku lomwe akaunti inatsegulidwa ndi adiresi ya nyumba yomwe ankakhala nthawiyo. Yachiwiri, malipiro oyamba ndi khadi lake. Yachitatu, kubwezedwa kwa ndalamazo ndi kutsekedwa kwa akaunti, zomwe kampani ingazipeze m'mabuku ake ndipo wakuba sangazidziwe. Yachinayi inali kuvomereza kwawo kuti iwo, Wilfred Makwinja, ananena zoti aberedwa ndi mtima woona, koma wakubayo wapezeka kuti ndi wa m'nyumba momwemo. Constance anapempha kuti chiganizo chimenecho chichoke. Iwo anati chikhala. Anajambula laisensi yawo yoyendetsera galimoto, n'kuphimba manambala ena a pa sitetimenti ndi kapepala monga Issa analangizira.

Atafika pa ndime yachisanu analemba mutu wake, Za Nanyoni Bilila, n'kuima. Anakankhira kiyibodi kwa mkazi wawo.

"Apa lembani nokha. Ine sindingawalembe apongozi."

Constance anaikokera kiyibodiyo pafupi. Mawu amenewa anali atawanenapo pakamwa kambirimbiri, kwa anzake, kwa abusa, koma kuwalemba ndi zala zake, pa fomu, anali asanachitepo. Manda sanawaone mpaka patatha zaka ziwiri, ndipo pofika nthawiyo panali patamera udzu. Analemba kuti Nanyoni ndi mayi ake, kuti anamwalira pa 6 Okutobala 2011, kuti sangalembe okha. Mizere itatu basi. Anadina potumiza n'kupita kubafa, komwe anatsegula mpope kuti phokoso lisamveke.

Masiku otsala anali asanu ndi limodzi, ndipo kampani inakhala chete. Amene anasowa mtendere tsopano anali a Wilfred. Ankaimba ali kuntchito kufunsa ngati ayankha. Anatenga nambala ya Joan n'kumamufunsa za chikwangwani, ndipo anafuna kudziwa dzina la mnyamata wa zankhondo uja kuti amulembere kalata. Ankatinso alembera banki kuti akonze mbiri, Constance n'kuwachonderera kuti za banki azisiye, poti palibe anataya kanthu. Lachisanu anaimbira Tiya ku yunivesite ku Leeds n'kumuuza kuti mayi ake ali ndi mawu. Constance ataulula zonse, Tiya anaseka mpaka kutsamwa, n'kuyankha m'Chingerezi chake kuti anazidziwa ali ndi zaka khumi ndi zinayi.

Yankho linafika Loweruka m'mawa, kutatsala masiku awiri. Issa anati anapereka nkhaniyo kwa akuluakulu ake ndipo umboni wakwana. Akauntiyo aibwezera ku imelo ya Constance, ndipo dzina la mwini wake alikonza kuti ligwirizane ndi pasipoti, kamodzi kokha, poti kulembetsa ndi dzina la wina n'kosaloledwa. Dzina la munthu wa m'gemuyo silisintha. Zinthu zomwe zinagulidwa ndi ndalama zenizeni ku sitolo ya kampani azibweza, azipeza m'bokosi la makalata. Koma mbuzi, mipando yopanga yekha, ndalama za m'gemu ndi zonse zomwe zinagulitsidwa pamsika sangazibweze, chifukwa anazigula ndi osewera ena osalakwa. Asanalowe ayenera kusankha pasiwedi yatsopano ndi kuyatsa chitetezo cha pafoni. Pamapeto, kunja kwa mawu a ofesi, Issa anaonjeza mzere umodzi wopepesa za mayi ake.

Anakwera onse awiri kukachipinda. Mpando unali umodzi, ndiye a Wilfred anabweretsa wa kukhitchini. Foni inalira ndi nambala yachitetezo, ndipo ndi iwo anaiwerenga mokweza, kawiri, ngati nambala ya nyimbo. Constance analemba. Gemu inazungulira pang'ono, kenako msika unatulukira, anthu ali pikitipikiti.

A Nanyoni anali ataima pakati pa msikawo, pomwe wakubayo anawasiya. Joan, mwa ulemu wake, chinthu chimodzi sanachinene. Wakubayo anagulitsa ndi zovala zomwe. Mayi wamfupi wa imvi uja anaima pagulu ndi kansalu kamkati kokha komwe gemu imasiyira munthu, mapewa ali pamtunda, mutu uli pamtunda, anyamata a malupanga akumudutsa uku ndi uku.

Mpando wa kukhitchini unalira. A Wilfred anali ataimirira kale, atatembenukira kukhoma, manja ali kumbuyo.

"Bambo a Tiya, ndi gemu chabe," anatero Constance. "Ndithamange kaye kuchipata, masiku asathe."

"Masiku awiri si mphindi ziwiri. Avekeni kaye apongozi."

Bokosi la makalata linali pakona ya msika. Constance anawayendetsa mpaka pamenepo n'kulitsegula. Munali nyali ziwiri, wotchi yapakhoma, kavalo yemwe anamugula mopusa chaka china, ndi diresi ya buluu yomwe anaigula Khirisimasi yoyamba ija pa mapaundi anayi. Anaidina. Anapezanso nsalu yoyera ya kumutu, yomwe m'gemumo ndi ya ophika buledi, koma pa a Nanyoni inkakhala ngati duku. Ku Bilila amene anasankha nsalu yowaveka mayi ake tsiku lomaliza anali mchemwali wake ndi azakhali, iye anangouzidwa mtundu wake pafoni. Zinamupweteka nthawi ija ndipo zinamupweteka tsopano, moti misozi inagwera pa kiyibodi, iye osaipukuta.

Kenako anawayendetsa, osati mothamanga, kutuluka mumsika, kuwoloka kamlatho, kutsata mtsinje. Joan anali ataima pampanda wake akukweza dzanja. Chikwangwani chinali pachipata, ndipo a Nanyoni atangoponda mkati chinazimiririka. Bwalo linali mbee. Khola lopanda mbuzi, nkhokwe yopanda kanthu, pakhonde popanda ngakhale mpando. Koma nyumba inali chiimire, ndi mitengo yake yonse.

"Avala?" anafunsa a Wilfred, akuyang'anabe khoma.

"Avala. Afika kale pakhomo."

A Wilfred anatembenuka. Anayang'ana khonde loyang'ana kum'mawalo, nkhokwe kudzanja lamanja, njira yopita kuseri, ndipo Constance anaona nkhope yawo ikusintha, poti pabwalo limeneli, ku Bilila, anakhalapo tsiku lokafunsira mbeta atavala jekete yobwereka, akudikira kuti aitanidwe. Mpando wa kukhitchini sanaukhalenso. Anaukankhira pambali, n'kunjuta pansi pafupi ndi thebulo, mawondo akulira, n'kuomba m'manja katatu mofatsa.